Chithunzi Chotsalira M'tabuleti ya Amayi

Foni inalira Mzime ali ndi mapini atatu pakamwa. Anali atagwada pansi m'shopu yosokera makatani momwe ankagwira ntchito, akupinda mpendero wa nsalu yolemera yomwe inali itamuvuta kuyambira m'mawa. Dzina loti Mzime anamupatsa ndi malemu bambo ake poti ndiye anali womaliza kubadwa, ndipo linamukakamira mpaka lero ali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi. Ataona nambala, analavulira mapiniwo m'dzanja n'kuthamangira kukachipinda kosungiramo mipukutu ya nsalu.

Woimbayo anali mlangizi wa kunyumba yobisalako amayi othawa nkhanza. Kunali komweko kumene mkazi wa achimwene ake, amake mapasa, anathawira ndi ana masabata awiri m'mbuyomo. M'banja lonse, Mzime yekha ndiye ankadziwa malowo. Loweruka lapitalo anali atapitako kukasiya zovala za ana ndi mankhwala opopera a mphumu a mmodzi wa mapasawo.

"Pepani ndakusokonezani pantchito," anatero mlangiziyo. Anali mayi wa mawu otsika, wosathamanga polankhula. "Alamu anu andiuza kuti tsiku lija mutafika pageti munkayang'ana chithunzi mufoni. Kodi uthenga wa malo uja munaujambula?"

Mzime anavomera. Uthengawo unali wa mtundu wozimiririka wokha pakatha tsiku, ndipo iye ndi munthu wosochera ngakhale mumsika womwe amagulamo tsiku ndi tsiku. Poopa kuti ungazimiririke asanafike, anajambula sikirinishoti. Koma anafulumira kuwonjezera kuti Lamulungu m'mawa, asanasambe n'komwe, anaifufuta.

"Munachita bwino. Munaifufutira kuti?"

"Mmene mumakhala zithunzimo. Ndinadina kabini ka zinyalala kaja, chithunzi n'kupita."

"Kabini kaja sikataya kanthu, mayi. Kamangosunga. Chithunzi chimakhala mmenemo mwezi wathunthu, mafoni ena miyezi iwiri, ndipo aliyense wogwira foniyo akhoza kuchibweza. Ikani foni pasipika, titsegule limodzi."

Mzime anatseka chitseko ndi phazi, n'kukhala pa mpukutu wa nsalu yobiriwira. Anatsata mmene ankamuuziramo mpaka anafika m'bini ya foni. Chinalimo. Pamwamba panali kankhope ka alamu ake, pansi pake dzina la msewu, nambala ya nyumba, geti lotuwa moyang'anizana ndi malo ochapirako magalimoto. M'munsimo munali mizere ina iwiri imene Mzime anali ataiwala kuti inalowa nawo m'chithunzimo. Woyamba unkati dzanja layamba kupola, adokotala akuti chikhakha achotsa pakatha masabata anayi. Wachiwiri unkati: musawauze amayi, angawauze iwowo.

Anadina pofufutiratu. Foni inafunsa ngati watsimikiza, poti sadzachipezanso. Anatsimikiza.

"Chapita," anatero, akupumira m'mwamba.

"Cha mufoni chapita. Nanga zithunzi zanu zimakwera zokha pa intaneti? Muli ndi akaunti yosungirako zithunzi, yoti foni ikatayika muzipezenso?"

Akauntiyo inalipo. Anamutsegulira ndi achimwene akewo zaka zinayi zapitazo, foni yake yakale itagwera m'madzi ndi zithunzi zonse za maliro a bambo awo. Tsiku limenelo achimwene anakhala naye masana onse, akuchonga foda iliyonse kuti izikwera, ya kamera, ya masikirinishoti, zonse, akuti mlongo wawo asadzalirenso zithunzi. Anali otero achimwene, makaniko wa manja aluso, wokonza chilichonse chowonongeka m'banjamo popanda wowapempha. Ndipo mapasa atabadwa anagulira amayi tabuleti, n'kulowetsamo akaunti ya Mzime yomweyo, poti Mzime ndiye ankajambula anawo kwambiri. Chithunzi chilichonse chimene Mzime ankajambula, madzulo ake amayi ankachiona ali pampando wawo.

Kuyambira tsiku limene mkazi wawo anachoka, achimwene ankagona kwa amayi. Ankati kunyumba kwawo kwachuluka zii.

Mzime anafotokoza zonsezi. Mlangizi sanamukalipire, komanso sanamutonthoze.

"Kufufuta kumene munachita kunachotsa cha mufoni chokha. Chimene chinakwera kale chimatsala komweko. Tsegulani pulogalamu ya akauntiyo, muyang'ane zithunzi za Loweruka."

Anayang'ana. Panali chithunzi cha katani ya kasitomala, china cha chikwama cha zovala za ana chili pabedi. Sikirinishoti panalibe. Anakweza, anatsitsa, anayang'ananso Lachisanu ndi Lamulungu. Panalibe.

"Mwina sinakwere," anatero, mtima ukuyamba kutsika.

"Mwina. Akauntiyo nayonso ili ndi bini yake. Taonanimo."

Inali mmenemo, yokhayokha. Pamwamba pake panalembedwa masiku amene atsala kuti ichoke yokha, ndipo Mzime atawerengera chobwerera anapeza kuti inalowa m'binimo dzulo lake, Lolemba. Iye Lolemba sanakhudze chithunzi chilichonse. Analikinso m'shopu tsiku lonse, foni ili m'chikwama.

"Si ine ndinaiika umu," anatero.

"Ndiye kuti wina waiona," anatero mlangizi. "Musanjenjemere, tichite chimodzichimodzi. Ifufutiretuni m'binimo. Mwatero? Tsopano pitani pomwe amaonetsa zipangizo zimene zalowa mu akaunti yanu. Mukuona zingati?"

Zinali ziwiri: foni yake ndi tabuleti. Foni ya achimwene panalibe. Koma pasiwedi ankaidziwa, poti anaipeka ndi iwo, dzina la bambo ndi chaka chimene anabadwa. Mlangizi anamuuza kuti aisinthe pomwepo, aike ina yoti m'banjamo wina asailote, ndipo azimitsenso zoti foda ya masikirinishoti izikwera pa intaneti. Mzime anachita zonsezo.

"Alamu anu ndi ana tiwasamutsa lero lomwe," anatero mlangizi pomaliza. "Sitingadikire kuti tidziwe amene waona. Chimene munthu waona ndi maso palibe bini yochifufutira. Koma ngati mungathe kufika pa tabuletiyo popanda kudziika pangozi, kaioneni. Imakhala ndi zithunzi zakezake zosakwera pa intaneti, ndi bini yakeyake. Ngati achimwene anu alipo ndipo mukuona kuti zinthu sizili bwino, isiyeni, tulukani."

Mwini shopu, mayi wamagalasi wokhala ndi tepi m'khosi tsiku lonse, anangomuyang'ana kumaso n'kunena kuti, "Pita, mpenderowu suthawa."

M'basi Mzime anakhala pafupi ndi zenera, foni ataifumbata ndi manja onse awiri. Ankayesa kulingalira achimwene atagwira tabuleti, akuwerenga dzina la msewu, kenaka n'kufufuta kuti iye asadziwe kuti aona. Zinkamveka. Koma ngati anaona dzulo, akanadikira chiyani? Achimwene sanali munthu wogonetsa mkwiyo. Mwina anapita kale kukazungulira msewuwo, kuona geti, kuwerenga nthawi imene anthu amatuluka. Anakumbukira mmene anawapezera alamu ake Loweruka, dzanja lili m'chikhakha, akuyesa kumanga zingwe za nsapato za mwana ndi dzanja limodzi ndi mano. Alamuwo anali atamuuza kuti kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu akugona mpaka kucha. Mapasa anali atapeza kale anzawo m'nyumbamo, ndipo mmodzi anamukokera Mzime kukamuonetsa bedi lake la pamwamba.

Anatsika nthawi ili cha m'ma leveni. Achimwene ankabwera kudzadya ikamakwana thwelofu ndi theka.

Amayi anawapeza pakhonde, akusita ovololo ya mwana wawo patebulo lomwe analiyala bulangete. Anali mayi wamfupi wamphamvu zake, amene anaphika kukhitchini ya chipatala zaka makumi awiri ndi zisanu asanapume. Masabata awiri onsewo nyimbo yawo inali imodzi: banja ndi kupirira, mkazi sathawa ndi ana a mwini ngati wakuba, ngati pali nkhani akanabwera tikakhale pansi. Mzime anali atasiya kuwayankha.

"Kwagwanji nthawi ino?" anafunsa osakweza mutu. "Akuchotsa ntchito?"

"Amayi, tabuleti ili kuti?"

Simbi inaima pakolala ya ovololo. Amayi anaikweza, anaiimika, anazimitsa pakhoma. Kenaka analowa m'nyumba, Mzime ali pambuyo. Anadutsa pabalaza, pomwe matilesi a achimwene anali atawaimika kukhoma kuseri kwa kabati ya magalasi, n'kulowa kuchipinda. Amayi anatseka chitseko, anagwada movutikira, natulutsa sutikesi kunsi kwa bedi. Tabuleti inali mkati, ataikulunga m'juzi ya malemu bambo.

"Ndinataya," anatero, akukhala pabedi. "Usandiyang'ane choncho. Ndinadina kabini, monga unandiphunzitsa tsiku lija ndinajambula phazi langa mwangozi."

Mzime anabwerera m'mbuyo. Anakhala pansi pasimenti, msana kukhoma.

"Ndinu?"

"Nanga ukuganiza ndani? Mbuzi?"

"Achimwene sanaone?"

"Akanaona bwenzi uli pano ukufunsa mafunso?" Amayi anavula magalasi, anawapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi. "Dzulo m'mawa iye atapita kuntchito, ndinati ndione ana. Ndakhala ndikuona zakale zomwezo, poti zatsopano sizibwera. Ndikuona chikwama cha zovala pabedi pako. Ndinati iwe, malaya awa ndikuwadziwa, ndinagula ndine. Ndikusuntha, n'kupeza kalata ija."

"Munawerenga?"

"Katatu. Maso angawa ndi ofooka koma sanafe. Msewuwo ndikuudziwa, tinkadutsamo pa basi ya kuntchito." Anabwezera magalasi kumaso. "Ndinavala, Mzime. Ndinavala mpaka nsapato, ndati ndikatenge zidzukulu zanga, ndikamuuze mpongozi wangayo kuti zachibwana zathera pomwepa. Ndafika pageti apo, ndinabwerera kuti ndiwerengenso nambala ya nyumba. M'pamene ndinaona bwino za chikhakhazo."

Panja galimoto inadutsa ikuliza nyimbo, n'kuzimiririka.

"Iye anandiuza kuti anangokangana. Akuti anamukankha pang'ono pochoka pakhomo. Dzanja la munthu wamkulu limathyoka ndi kukankha pang'ono? Ine ndagwira ntchito kuchipatala. Ndinkawapititsira chakudya amayi otero, onse ankati agwa m'bafa." Anatola juzi ya bambo ija n'kuipinda. "Ndiye pansi pake n'kulemba kuti musawauze amayi. Ineyo. Amene ndinamusambitsa atabereka mapasa, mayi ake omubala ali kutali. Musawauze amayi, angawauze iwowo."

"Sanalembe mwachipongwe, amayi. Ndi mantha."

"Ndikudziwa kuti si chipongwe. Chikundiwawa n'chakuti sananame. Ndikanamuuza. Zikanakhala kuti analemba msewu wokha, ndikanamuuza dzulo lomwelo akudya, ndikuyesa ndikumanga banja."

Mzime anatulutsa foni. Anayang'ana wotchi ya pafoni: thwelofu inali itakwana. Anatambasula dzanja, amayi anamupatsa tabuleti.

Itayaka, inayamba kudandaula kuti akaunti ikufuna pasiwedi yatsopano. Mzime sanalowetse. Anapita molunjika m'zithunzi za m'tabuleti mwenimwenimo, zimene sizinkakwera kulikonse, poti achimwene poikonza sanaone chifukwa chokwezera zithunzi za amayi. Munali zochepa: denga, theka la nkhope ya amayi, mphaka wa aneba. Koma munalinso foda ya masikirinishoti, ndipo mufodamo munali chithunzi chimodzi, cha dzulo masana. Mzime anachitsegula. Msewu, nambala, geti lotuwa, chikhakha, zonse zinali pomwepo, zooneka bwino ngati zalembedwa lero.

"Ichi chinabwera bwanji umu?"

Amayi anasuzumira, nkhope n'kugwa. "Ndinataya! Ndikulumbira pa manda a bambo ako, ndinataya."

"Munataya china. Ichi ndi chithunzi cha chithunzicho. Pamene munkawerenga, palibe chimene munadina m'mbalimu?"

Amayi anaganiza, dzanja lili pakamwa. Kenaka anakumbukira. Ali mkati mowerenga kachitatu, anamva geti likutseguka, mwana wawo akubwera kudzadya. Anafinya tabuletiyo m'mbali ndi zala zonse kuti izime msanga. Inathwanima, n'kulira ngati kamera, koma sinazime. Anaibisa pansi pa pilo, ndipo iye atabwerera kuntchito m'pamene anaitulutsa n'kudina kabini.

"Mabatani awiriwa mukawafinya limodzi, lozimitsira ndi lotsitsira mawu, imajambula chimene chili pagalasi," anatero Mzime. "Mufoni mwanga sindikanachiona. Chikanakhala muno mpaka kalekale."

"Dzulo madzulo anaifuna," anatero amayi chapansipansi. "Akuti aonere mpira. Ndinamuuza kuti yatha moto ndipo chaja sindikuchiona."

Mzime anafufuta chithunzicho. Ankafunafuna bini ya tabuletiyo, yomwe inali pamalo osiyana ndi a foni yake, pamene geti linalira. Kunamveka nsapato zolemera pakhonde, kenaka mawu.

"Amayi! Ovololo mwaisiya panja bwanji? Kukubwera mvula."

Amayi anadzuka msanga kuposa mmene Mzime anawaonera akudzuka m'zaka zambiri. Anatuluka, n'kukoka chitseko kumbuyo kwawo. Mzime anamva akuuza mwana wawo kuti akasambe m'manja, chakudya chili pamoto. Anamva achimwene akufunsa kuti nsapato zachikazi zili pakhomozi n'za yani. Zala zake zinatsegula malo olakwika kawiri. Kachitatu anaipeza bini, chithunzi chili mkati, pamodzi ndi phazi la amayi la mwezi wathawo. Anasankha zonse, anadina pofufutiratu, anatsimikiza. Anayang'ananso mufoda ya zinthu zotsitsidwa pa intaneti, munalibe kanthu. Chitseko chinatseguka akuchotsa akaunti yake m'tabuletimo.

Achimwene anaima pakhomo, manja akuda ndi girisi, maso ofiira ngati a munthu wosagona. Anali ataonda. Mzime anamva chisoni chikumubwerera chosachiitana, ndipo anadana nacho.

"Iwe Mzime. Suli kuntchito?"

"Ndinapempha."

"Yatha moto ija ndi imeneyi?" Analoza ndi chibwano. "Ukuchita nayo chiyani?"

"Ndikuchotsamo akaunti yanga, achimwene."

"Chifukwa?"

"Ndi yanga."

Achimwene analowa, anailanda m'manja mwake, osati mwamphamvu, koma osapempha. Anatsegula zithunzi. Munali denga, theka la nkhope ya amayi, mphaka. Anapita m'bini, poti iwo zinthu zimenezi ankazidziwa bwino, anapeza muli mbee. Anayang'ana bini yopanda kanthuyo nthawi yaitali. Chala chawo chinasiya chidindo chakuda pagalasi.

"Munali chiyani umu?"

Mzime anangoyang'ana chidindo cha girisicho.

"Ukudziwa kumene ali." Sikunali kufunsa. "Mlongo wanga weniweni, bere limodzi. Ndakusamala ine bambo atamwalira. Ana anga ndikuwafuna ngati wamisala, iwe ukudziwa, ukundiyang'ana ndikuvutika."

"Ndikukuonani mukuvutika, achimwene. Dzanja la alamu ndaliona."

Nkhope yawo inasintha. Anasendera phazi limodzi kutsogolo, ndipo Mzime, ali chikhalire pansi, anaona kuti njira ya kuchitseko yatsekeka. Anali asanawaopepo achimwene ake chibadwire. Anazindikira kuti ichi n'chimene alamu ake ankaona madzulo alionse.

"Musiye mwanayo." Amayi anali pakhomo, nsalu yogwirira poto ili m'manja. "Ngati ukufuna wodziwa, ndine. Ndinawerenga ndi maso angawa, msewu ndi nambala yomwe. Ndipo sindikuuza."

"Amayi, inunso?"

"Inenso. Unandinamiza, mwana wanga. Masabata awiri ndakhala ndikutukwana mwana wa eni pakhonde apa, aneba akumva, chonsecho unamuthyola dzanja."

"Simukudziwa chimene anandichita."

"Sindikufuna kuchidziwa. Bambo ako ndinawachita zambiri, pakamwa panga ukupadziwa. Anafa osandikhudza ndi chala."

Achimwene anayang'ana amayi, anayang'ana Mzime. Anaponya tabuleti pabedi, anadutsa amayi chammbali, natuluka. Kubalaza kunamveka akukoka chikwama chawo kuseri kwa kabati, makapu akugundana mkatimo. Geti linamenyeka. Chakudya chinapserera pamoto, ndipo palibe anadzuka kukachiphula mpaka fungo litafika kuchipinda.

Mzime anaimbira mlangizi ali pakhonde pomwepo, n'kufotokoza zonse, za chithunzi chachiwiri, za amayi, ndi zoti achimwene tsopano akudziwa kuti iye ndi amayi akudziwa. Mlangizi anamvetsera mpaka kumapeto. Anati amake mapasa ndi ana anyamuka kale, ndipo malo atsopanowo Mzime sauzidwa. Anamulangizanso kuti masiku angapo asagone yekha, ndipo aziyang'ana kumbuyo akamachoka kuntchito.

"Si chilango," anawonjezera. "N'kuti musakhale ndi choti wina akufinyeni nacho."

"Alamu ati chiyani?"

Mlangizi anazengereza. "Alira. Ana sanafune kuchoka. Apatseni nthawi."

Nthawiyo inatalika. Mzime anakagona sabata imodzi kwa mwini shopu, m'chipinda cha mwana wawo amene anali kusukulu. Kawiri anaona galimoto ya kugalaja ya achimwene itaima kutsidya kwa msewu wa kushopu, koma achimwenewo sanatsike, ndipo kenaka anasiya kubwera. Khoti linapereka chikalata chowaletsa kuyandikira mkazi wawo ndi ana. Kwa amayi sanabwererenso kudzagona. Ankangotumiza mnzawo wa kuntchito kudzatenga zovala, ndipo amayi ankazipereka zochapa, zosita, osafunsa kanthu. Mzime ankapitako Lamulungu lililonse. Ankawapeza atakalamba kuposa Lamulungu lapitalo. Sankatchula mwana wawo, sankatchula mpongozi wawo. Ankangofunsa ngati wamva zoti ana ali bwino, ndipo Mzime ankayankha zimene mlangizi wamuuza, zomwe zinali zochepa.

Alamu ake sanamulembere. Mzime analemba uthenga wopepesa kangapo, n'kuufufuta asanatumize, poti nambala yakale inali itazimitsidwa ndipo yatsopano analibe. Ankadziwa kuti palibe choipa chimene chinachitika. Ankadziwanso kuti chinatsala pang'ono, ndi kuti anamupulumutsa ndi amayi osadziwa ngakhale kuzimitsa tabuleti.

Patatha miyezi itatu, Lamulungu lina masana, akuthandiza amayi kupinda zofunda zochapa, foni yake inalira. Nambala inali yobisika.

"Alamu," anatero mawu a kutsidyako. "Ndine."

Mzime anakhala pampando, chofunda chili pamiyendo. Anayamba kupepesa, koma amake mapasa anamudula.

"Ndinakwiya nanu, sindibisa. Wamphumu uja anadwala sabata yonse titasamuka. Koma ndinu nokha munabwera pamene ndinaitana. Zatha zimenezo." Anapuma pang'ono. "Amlangizi anandiuza zimene amayi anachita. Muli nawo pafupi?"

Mzime anawapatsa foni. Amayi anapukuta manja pabulauzi kawiri asanailandire, n'kuigwira ndi manja onse.

"Halo? Ndine, mwananga." Anamvetsera. "Ayi, usandiuze. Sindikufuna kudziwa. Dzanja lili bwanji? Likupindika? Uzilithowa ndi madzi ofunda, usamanyamule zolemera." Anamvetseranso, kenaka anatembenukira kukhoma kuti Mzime asawaone kumaso. "Apatse. Mmodzimmodzi, asalimbirane. Ayambe wodwalayo."

Mzime anatola zofunda zotsala n'kupita nazo kuchipinda, kuwasiya alankhule.